Mmene Ndinalowetsera Mkamwini Wanga M'ngongole

Ng'ombe zanga zinali zinayi, ziwiri zolimira ndi ziwiri zazikazi. Ndinazigulitsa tsiku limodzi, ndalama yonse n'kukaipereka ku kampani yathu yoyenga mafuta a mpendadzuwa ku Lufita. Anandipatsa pepala lolemba kuti ine Evelyn Nalungwe wa ku Chisenga ndili ndi masheya 24 pa masheya 600. Anati phindu tizigawana chaka ndi chaka, ng'ombezo zibwerera zili ndi ana. Panadutsa zaka zitatu ndikulima ndi khasu, pepala lili m'sutikesi. Msana unali utayamba kundiuza kuti chaka chachinayi suvomera. Ndinkafuna ng'ombe ziwiri za pagoli mvula ya Disembala isanagwe, basi.

Musaganize kuti kampani inkaluza. Mafuta athu ankatha, ena kupita mpaka ku Karonga, keke yotsala pofinya anthu a nkhumba ankachita kulimbirana. Vuto linali loti eni ake tinali anthu makumi anayi ndi awiri, alimi, aphunzitsi, anamwino, aliyense ali ndi zochita zake, pomwe makiyi a fakitale anali ndi munthu mmodzi. Munthuyo ndi manijala, a Macdonald, a ku Dedza. Tinawalemba ntchito asanakwatire. Chaka chisanathe anakwatira mwana wanga Eluby, n'kubereka Mwayi. Ndiye manijala wa ndalama zanga anasanduka mkamwini wanga.

Cholakwa tinachiyamba tokha. Chaka choyamba mavenda ochokera kumalire ankatilanda mpendadzuwa, makina n'kumangokhala. A bodi anati manijala azilandira K300 pa thumba lililonse limene wagula, kuwonjezera pa malipiro a K600,000 pamwezi. Anatinso akagona kunja kwa boma la Chitipa pa ntchito, alawansi. Tinawomba m'manja. Munthu tinamuuza tokha kumene kuli ndalama yake, ndipo anamva bwino lomwe. Makina athu amafinya matumba zikwi zitatu pachaka, iwo ankagula zikwi zinayi ndi theka, wouma ndi wonyowa womwe. Wotsalawo unkachita nkhungu, makoswe n'kunenepa ngati ana a mbusa. Ndipo panalibe msonkhano ku Mzuzu umene a Macdonald anauphonya, ngakhale wa anthu oweta njuchi.

Mundifunse kuti bwanji sindinawafunse. Ndikanawapeza kuti? Kwawo ku Dedza mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, ndipo a Macdonald mwambo umenewu anaugwira kuposa Baibulo. Ndikafika pageti, mlonda ankati angotuluka kumene, jekete lili pampando, tiyi akufuka utsi patebulo. Tsiku lina ndinalowera kuseri. Ndinaona nsapato zawo kunsi kwa mulu wa matumba. Ndinakhala pa thumba maola awiri ndikudya mtedza, nsapato osasuntha. Anthu ankati, mama Nalungwe, mwapeza mkamwini waulemu. Ulemu umenewo unkakula kwambiri mwezi wogawana phindu.

Mu Seputembala Eluby anabwera ku Chisenga ndi kamwana, atavala nsapato zosayendera fumbi.

"Mama, mavuto a matola atha. Kampani ikugula galimoto ya zitseko zinayi. Tizidzakutengani pa Khirisimasi."

"Ndalama ya ndani?"

"Ya kampani."

"Kampani ndi ndani?"

"Aa, mama, mwayambatu."

"Ndikufunsa. Kampani ili ndi mayi ake? Inagulitsa ng'ombe?"

Anaseka, n'kundiuza zonse, poti mwana wanga chinthu chokoma sachisunga m'kamwa. Ku banki kunali K36 miliyoni, kupatula yogulira mpendadzuwa chaka chamawa. Amuna ake anali atalemba kale pepala la msonkhano waukulu. Makina achiwiri, 18 miliyoni. Galimoto, 12 miliyoni. Maziko a ofesi yosanja, 6 miliyoni. Ndinasiya sukulu sitandade 4, koma nambala zitatu ndimaphatikiza. Munthu anayeza zofuna zake mpaka zinakwana ndendende ndi ndalama yathu, osatsala ngakhale ya mchere.

Eluby atapita ndinakumbuka malemu bambo ake. Anali munthu wabwino, koma ndalama ikagona m'nyumba inkawayabwa. Tikagulitsa nyemba, sabata yomweyo abwera ndi wailesi, kapena chipewa, kapena anzawo asanu a ludzu. Chaka china ndinapita kwa wasitolo ku boma n'kutenga malata makumi atatu pangongole, m'dzina lawo. Wasitolo uja ankabwera pa njinga yamoto mwezi uliwonse. Chaka chimenecho bambo a Eluby analima mpaka dimba la fodya, wailesi osaiona. Ine sindinakalipe ngakhale kamodzi. Anandikalipirira ndi wasitolo.

Msonkhano unachitikira m'kalasi pa sukulu ina pafupi ndi fakitale, Loweruka loyamba la Okutobala. Tcheya wathu ndi a Felix Sichali, mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo. Anatsegula ndi pemphero lothokoza kuti kampani ya Tikolepo ilibe ngongole ndi munthu aliyense pansi pano. Mawu amenewa amawanena chaka chilichonse, ndipo anawalembetsa ndi penti pakhoma la fakitale.

A Macdonald anaimirira atatembenukira kuwindo kuti asandione. Anawerenga pepala lawo bwino, Chizungu apa ndi apo. Makina achiwiri, anati, azibweretsa phindu loonjezera la miliyoni imodzi ndi theka mwezi uliwonse. Galimoto ipatsa kampani ulemu pamaso pa ogula. Ofesi yosanja, chifukwa tsopano takula. Choncho eni masheya apirire chaka chimodzi chokha.

Ndinakweza dzanja. A Sichali anayang'ana kudenga, koma dzanja silinatsike.

"Mama Nalungwe, mwachidule."

"Yewo, a Tcheya. Ine bambo a Mwayi sindingayankhule nawo, mwambo wawo ndimaulemekeza. Ndiye ndiziyankhula ndi inu, iwo azingomvera mwangozi. Muwafunse, galimotoyo izifinya matumba angati patsiku?"

Anthu anaseka. A Macdonald anayankha akuyang'ana mtengo wa mango panja.

"A Tcheya, muwauze mayi kuti pa bizinesi pali zinthu zina zimene phindu lake silioneka ndi maso."

"A Tcheya, muwauze kuti phindu losaoneka ndi maso ndalilandira zaka zitatu, ndakhuta nalo. Koma sindikukana. Zonse zitatu n'zabwino, pepala lanena. Ine ndikuti ndalama ili ku banki tigawane, ndi yathu. Zinthu zitatuzo apite nazo ku banki akakongole. Ngati zili zaphindu mmene alemberamu, a banki awathamangira."

M'kalasimo munachita ngati ndatukwana m'tchalitchi. A Sichali anavula magalasi.

"Mama, munthu uli ndi ndalama m'thumba, ukakongolenso ya chiwongoladzanja? Ndi misala imeneyo. Mukudziwa chiwongoladzanja cha masiku ano?"

"Sindikudziwa, ndikamva konko. Chimene ndikudziwa n'choti ndalama ili m'thumbayo, thumbalo si lanu, si langa. Inu munalowamo liti m'fakitale kukawerenga matumba?"

"Bodi imakumana kanayi pachaka."

"Mumakumana, amakupatsani fanta ndi pepala limene alemba okha, mumasaina. Sindikunena kuti amaba, a Tcheya, muwauze asadandaule. Sanabepo tambala. Kungoti ndalama ya eni ake ndi yofewa, ilibe tsiku lobweza, ndipo eni akewo akafika pageti amauzidwa kuti abwana atuluka."

Aphunzitsi awiri a ku Zomba anaseka mobisa. Nawonso anali atatopa, ndimadziwa, koma anthu ophunzira amaopa kuoneka adyera. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza anagwirizana zoti tikangofunsa ku banki, kufunsa si kukongola, tidzakumanenso pakatha masabata atatu. Anasankha a Sichali, a Macdonald ndi ine. A Macdonald anati iwo adzabwera pa njinga yawo, m'galimoto imodzi ndi apongozi sangakwere.

Ku banki ku boma tinapeza mtsikana woona za ngongole, dzina lake Gloria, wamng'ono kuposa Eluby, wa mawu otsika. Mipando inali itatu moyandikana. A Macdonald anatembenuza wawo kuyang'ana kabati. Gloria anawayang'ana, anayamba kuwerenga mabuku a kampani tsamba ndi tsamba. Anafunsa mafunso amene ine ndinkawasunga pamtima zaka zitatu, koma iye ankawafunsa ngati akufunsa njira ya kumsika.

"Matumba chikwi ndi theka awa chaka chilichonse, amapita kuti?"

"Ena amawonongeka pang'ono."

"Pang'ono ndi angati?"

A Macdonald anatchula nambala, kabati ikumvetsera. A Sichali anatsokomola.

"Maulendo awa a ku Mzuzu, khumi ndi asanu ndi anayi chaka chatha. Ndi uti umene unabweretsa wogula?"

A Macdonald anayang'anitsitsa kabati. Kunalibe mulu wa matumba m'chipindamo.

Gloria anatseka mabuku. Anati makina achiwiri ndi nzeru, chifukwa mpendadzuwa ulipo kale wongowola. Miliyoni ndi theka pamwezi iye sakuikhulupirira, akuona ngati imodzi, komabe ikukwana kubweza ngongole. Banki ingapereke 14 miliyoni, kampani iikepo 4 yake, kubweza zaka zitatu, pafupifupi K600,000 mwezi uliwonse pa 28, chikole makinawo ndi nyumba ya fakitale. Za galimoto ndi ofesi anati banki singaikepo ndalama, sizibweza.

"Mwamva, a Tcheya? Muwauze," ndinatero.

"Amva okha, mama."

Kenako dyera linandigwira, sindibisa. Ndinati, mwana wanga Gloria, bwanji mutikongozenso yogulira mpendadzuwa, kuti imene tasungira ntchito imeneyo tigawanenso? Ndinali nditaona kale ngolo yatsopano m'mutu.

"Ayi, mama. Chaka chimene mvula idzavute mudzabweza ndi chiyani? Tidzakulandani fakitale, pepala lanu la masheya mudzayatsira moto. Ngongole ikhale yoti manijala asagone, osati yoti kampani ife. Ndipo pali malamulo. Mabuku ndiziwaona mwezi uliwonse. Chinthu chachikulu osagula popanda kutiuza. Mukagawana kamodzi aka, simugawananso phindu ngati mwatsalira kubweza, ndipo ndalama ya miyezi itatu izikhala mu akaunti nthawi zonse."

"Ndiye kuti inu muzidya poyamba, ife pambuyo?"

"Eya. Ife sitidikira ngati inu."

Kanandinyansa kamtsikanako, koma n'chimene ndinkafuna. Ndinayesa kutsitsa chiwongoladzanja, ndinamuuza kuti ndine wamasiye, ndinaimirira kawiri ngati ndikupita. Anachotsa kandalama kolembetsera fomu basi. Pa khomo a Sichali anawerengera pa envelopu kuti pa zaka zitatu tidzapatsa banki 7 miliyoni yaulere.

"Seveni miliyoni, mama. Kuwotcha."

"Galimoto ndi ofesi ndi 18, a Sichali. Moto waukulu ndi uti?"

Anati akapemphera kaye.

Sabata yotsatira Eluby ananditumizira uthenga woti ndifike kwawo. Ndinamupeza pakhonde, maso ofiira, osandipatsa ndi madzi omwe.

"Mama, mwachititsa manyazi bambo a Mwayi pamaso pa kamtsikana ka ku banki. Akuti asiya ntchito, tipita ku Dedza. Mwayi muzidzamuona pa foni."

Ng'ombe ndinkazifuna, koma osati posinthanitsa ndi mwana ndi mdzukulu. Komanso kunena zoona, a Macdonald makina amawadziwa. Akamva kulira kwake amadziwa nati imene yamasuka. Akachoka, tikanalemba wina wosadziwa kanthu, wokondanso Mzuzu chimodzimodzi.

"Ali kuti?"

"Atuluka."

Chitseko chinali chotsekula pang'ono, ndipo kuseri kwake kunali munthu wopuma ngati ng'ombe.

"Chabwino. Poti atuluka, ndikuuza iwe. Ukukumbuka Tiwonge, woweta ng'ombe zathu uja? Tinkamulipira pamwezi, ng'ombe zinkabwera ndi nkhupakupa mpaka m'makutu. Bambo ako anati, mwana wachitatu aliyense wobadwa m'kholamu ndi wako. Munthu wamkulu uja anayamba kugona kukhola. Amuna akowa tinawalipira kuti azigula matumba ndi kugona ku Mzuzu, ndipo agula matumba, agona ku Mzuzu. Wolakwa ndi ife. Ndikufuna tiwalipire pa chinthu chimene ifenso timadyapo."

"Ndiye muwadula malipiro."

"A pamwezi atsike, afike 450. Za pathumba zithe. Alawansi pokhapokha bodi itavomereza ulendo usanachitike. Koma pa phindu la pachaka, pa K100 iliyonse, K8 yawo."

Chitseko chinayankhula. "Eluby, uwauze mayi kuti 450 ndi malipiro a kalaliki."

Eluby anayang'ana chitseko, anayang'ana ine. "Akuti ndi a kalaliki."

"Uwauze kuti abwerako msanga kumene anapitako. Uwauzenso kuti pepala lawo lija likuti makina abweretsa miliyoni ndi theka pamwezi. Ngati n'zoona, apeza ndalama yoposa ya matumba. Ngati akukana, ndiye kuti pepalalo sakulikhulupirira eni ake, ndikanene ku msonkhano."

Chitseko chinayankhulanso.

"Uwauze 550, ndi K15 pa K100."

"Fifitini? Anagulitsa ng'ombe zingati? Teni."

"Fotini."

"Eluby, tenga chikwama changa, matola andisiya."

"Mama, khalani pansi. Inunso bambo a Mwayi, ndatopa kukhala foni yanu."

Tinathera pa 500 ndi K12. Koma ndinali ndisanamalize. Ine ndagulitsapo nyemba, ndimadziwa mmene munthu amakometsera pamwamba pa thumba. Munthu wolipidwa pa phindu la chaka chimodzi angathe kusiya kukonzetsa makina, kapena kukongoza mafuta kwa anthu osabweza n'kulemba kuti wagulitsa, chakacho n'kuoneka chonona, iye n'kulandira, chaka chinacho ife n'kulira. Ndiye ndinati phindu lake likhale lotsala banki itatenga chiwongoladzanja chake, ndipo liwerengedwe ndi owerengera ndalama a kunja, osankhidwa ndi ife. Theka alandire m'manja. Theka linalo tiwapatse masheya, osagulitsa mpaka zaka zitatu.

"Uwafunse mayi, masheya ndidya?"

"Uwauze kuti funso limenelo ndalifunsa ine zaka zitatu. Alowe, amve mmene zimakomera."

Eluby anaseka mwangozi, n'kudzigwira pakamwa. Kenako anapita kukanditungira madzi. Ali m'khitchini, mawu anatuluka pachitseko, otsika, opita kwa ine mwini koyamba chikwatirire Eluby.

"Mayi, mwezi umene mafuta sadzayenda, 600 ya banki ndidzaitenga kuti?"

"Mudzaipeza, bambo. Ku Mzuzu kokha mumasiyako yoposa pamenepo."

Msonkhano wachiwiri unadzaza kuposa woyamba, poti mphekesera ya kugawana inafika mpaka kuseri kwa mapiri a Mafinga. Kunabwera ndi anthu amene tinkaganiza kuti anamwalira. A Sichali anayankhula nthawi yaitali. Anati wokongola ndi kapolo wa womukongoza, anati dzina labwino la kampani, anati chaka cha chilala tidzawakumbuka. Sananame, ndipo anthu ambiri achikulire ankagwedeza mitu. Ife timavota ndi masheya, osati manja, ndipo a Sichali okha ali ndi 70. Ndinawerenga nkhope, ndinaona kuti ng'ombe zanga zikuterereka.

Ndinaimirira. "A Tcheya, mwati wokongola ndi kapolo. Ine ndikuvomera. N'chifukwa chake ndikufuna ngongoleyi. Fakitale ija yakhala zaka zitatu yopanda bwana. Ife sitingathe, tili kuminda ndi kuzipatala. Tiyeni tibwereke bwana wobwera pa 28 mwezi uliwonse, amene mlonda sangamuuze kuti atuluka."

Ena anaseka, ena ayi. Mayi wina wa ku Lufita konko anafunsa kuti nanga fakitale akadzalanda? Amene anayankha ndi a Macdonald. Anaimirira, nkhope kuwindo monga mwa masiku onse.

"A Tcheya, ngongoleyi ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimene timapeza. Ngakhale makina atsopano atabweretsa theka la zimene ndinalemba, tibweza. Chaka choipa tili ndi ya miyezi itatu yosunga, ndipo ndikasiya kugula wonyowa tipulumutsa ina. Galimoto ndaichotsa. Ofesi ndaichotsa. Malipiro atsopanowo ndawavomera." Anapinda pepala lawo. "Ndipo muwauze mayi kuti ikafika nthawi yogawana chaka chamawa, ine ndidzakhala kutsogolo kwa mzere."

Tinavota polemba pa timapepala. Ovomera 331, okana 269. A Sichali analengeza ndi mawu a pamaliro, kenako anafunsa mlembi mwakachetechete kuti masheya 70 ndi ndalama zingati. Tinagawana 30 miliyoni, K50,000 pa sheya. Zanga zinali K1,200,000, boma linadulapo gawo lake, ndinatsala ndi K1,080,000. Ndalama imene kale inali ng'ombe zinayi tsopano inali ya ziwiri, ndiponso zazing'ono. Ndiko kugona kwa ndalama ku banki kumeneko.

Ndalama inalowa pakati pa Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana pamwamba pa Mafinga. Tsiku la msika wa ng'ombe ndinafika ku Lufita m'mawa. Ndinapeza ziwiri za msinkhu umodzi, yofiira ndi yakuda, zozolowera kale goli. Mwini wake, bambo wa kumalire, anayamba ndi miliyoni imodzi ndi 300. Ndinamuuza kuti yakudayo ikutsimphina. Anati, mama, mtengo ndi umenewo. Ndinatsegula kukamwa kwa yofiira, ndinapukusa mutu, ndinachoka, ndinakadya chimanga chootcha iye akundiona. Dzuwa lili pamutu anandipeza yekha. Tinathera pa miliyoni ndi 20. Yakudayo siinkatsimphina.

Zinatsala K60,000, ndi ulendo wautali wa ku Chisenga. Ndinadziwa kuti lole yakale ya kampani ikupita komweko masana amenewo kukasiya mafuta m'magolosale, ndipo kumbuyo kumakhala malo. Kale anthu a bodi ankakwezamo matabwa, mbuzi, ngakhale akwati, osalipira. Ndinakoka ng'ombe zanga mpaka pageti la fakitale.

Mlonda anatsegula pakamwa kuti anene zake zija, koma a Macdonald anatulukira okha, ovololo yodetsedwa ndi girizi, kabuku ka malisiti m'manja. Anaima chammbali, akuyang'ana ng'ombe.

"Zabwino, mayi. Yofiirayo ndi yamphamvu."

"Yewo, bambo. Ndimati zikwere nawo loleyo."

"Zikwera. K40,000."

Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akuuza wina.

"Lole ikupita kale komweko."

"Ikupita, mayi. Koma kulemera kumamwa dizilo, ndipo zikaipitsa kumbuyoko wotsuka ndi wolipidwa. A Sichali dzana analipira 15 pa matumba a feteleza. Anadandaula kwambiri."

"Ine ndine mwini wake wa lole imeneyi."

"Masheya 24 pa 600, mayi. Ndawerengera, ndi tayala limodzi, lakumbuyo. Pa 28 sipatali."

"Twente."

"Fote."

"Ndinakupatsani mwana wanga, bambo."

"Ndimathokoza tsiku lililonse. Sate faifi."

Ndinawauza kuti ng'ombe zili ndi miyendo. Anavomera kuti zili nayo, inayi inayi, ndipo zikayenda masiku awiri padzuwa limeneli zifika zitaonda, sabata yoyamba ya mvula zizidzapuma m'malo molima. Ndinakoka chingwe, ndinayenda mpaka pamsewu. Palibe anandiitana. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana mitambo, yakuda ikundinyambita chigongono. Ndinabwerera.

"Sate, ndipo ine ndikhala kutsogolo."

"Sate thuu. Kutsogolo ndi kwaulere, ndinu mayi athu."

Ndinawerenga ndalamazo pang'onopang'ono kuti mwina achita manyazi. Sanachite. Analemba lisiti, anaipereka ndi manja awiri, maso ali pansi. Ndinaiyang'anitsitsa ngati ili ndi chidindo cha kampani, poti pa K32,000 imeneyo panali kanga, ndipo panali kawonso.

Tinafika ku Chisenga dzuwa lisanalowe. Mvula inagwa pa 6 Disembala, ndipo pa 7 m'mawa ndinamanga goli. Yakudayo ndi yaulesi pokhota, imafuna kuikalipira.